Zimani Kiyibodi Mphindi Zisanu Chabe

Tonse tinayamba taonapo zimene zimachitika pa ovanaiti malaiti akathima mwadzidzidzi. Sipika ikhala zii, kiyibodi nayo ifa, ndipo anthu amene anali kugwedeza malata ndi mawu ayamba kuyang'anana ngati aiwala chimene anabwerera. Wina atulutsa foni, wina athamangira ku jenereta, wina ayambitsa kolasi msanga kuti bata lisatigwire. Palibe amene amati tiyeni tingokhala tero pang'ono. Bata timaliopa, ndipo tinalipezera dzina loipa kuti tisachite manyazi ndi mantha athuwo. Timati munthu akatseka maso n'kukhala chete, mutu umatseguka ndipo ziwanda zimalowa.

Mbali ina kuli anzathu amene anatopa ndi phokosolo. Iwo anatsitsa pulogalamu pa foni, mawu ofewa a mayi wachizungu amawauza kuti apume pang'onopang'ono, ndipo manje amakamba kuti pemphero ndi mediteshoni ndi chinthu chimodzi, mayina chabe ndiwo asiyana. Magulu awiriwa amanyozana kwambiri pa Fesibuku, koma cholakwa chawo ndi chimodzi. Atenga ntchito zitatu zosiyana n'kuzithira mu poto mmodzi. Kupemphera ndi ntchito ina, kusinkhasinkha ndi ina, ndipo pali yachitatu imene Azungu amati kontempuleshoni, imene ife pano tiitcha kukhala duu pamaso pa Mulungu. Dziko lathu linalengezedwa kukhala lachikhristu ndi Frederick Chiluba pa 29 Disembala 1991, ndipo kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 Okutobala chaka chilichonse. Komabe ambiri a ife tinakula osamvapo kuti ntchitozi ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi kachitidwe kake.

Kupemphera tikudziwa, sitichedwapo. Ndi kukamba ndi wina amene tikhulupirira kuti akumva. Muli mawu, muli amene akukamba ndi amene akumvetsera, ndipo muli nkhani: kupempha, kuyamika, kulapa, kudandaula. Mawuwo angakhale ofuula, angakhale a pamtima. Hana wa m'buku loyamba la Samueli ankangogwedeza milomo popanda liwu, mpaka wansembe Eli anaganiza kuti mayiyu waledzera. Choncho kuyeza pemphero ndi kukula kwa mawu ndi kulakwa kwakale, ndipo woyamba kulakwa tero anali mkulu wa pakachisi. Chizindikiro cha pemphero ndi chakuti mukamaliza mungathe kunena chimene munauza Mulungu. Ngati mwatuluka mawu atasasa koma simungakumbuke chinthu chimodzi chimene munapempha kapena kuvomera, mwachita masewera olimbitsa mmero.

Manje tibwere pa liwu limene limayambitsa ndewu. Amene amati kusinkhasinkha ndi za satana awerengenso Yoswa 1:8 ndi Salimo loyamba, pamene munthu akulimbikitsidwa kusinkhasinkha chilamulo usana ndi usiku. Liwu la Chiheberi pamenepo ndi haga, ndipo limatanthauza kung'ung'udza mawu pansipansi. Mneneri Yesaya anagwiritsa ntchito liwu lomwelo ponena za mkango umene ukubangula pa nyama imene wagwira, komanso za kulira kwa nkhunda. Ndiye kusinkhasinkha kwa m'Baibulo kulibe mutu wopanda kanthu. Mutu umadzaza ndi chinthu chimodzi, ndipo munthu amachibwereza, kuchitembenuza, kuchifunsa mafunso. Amene anakhalako kumudzi ku Katete kapena ku Petauke anaona ng'ombe madzulo itagona m'khola, ikubzikula udzu umene inadya masana. Amonke akale a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito chithunzi chomwecho pofotokoza ntchitoyi.

Mmodzi wa iwo anali Guigo, mkulu wa nyumba ya amonke ya Grande Chartreuse m'mapiri a ku Falansa, amene anakhalako m'zaka za m'ma 1100. Iye analembera mnzake kalata yaifupi yofotokoza makwerero a masitepe anayi: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kukhala duu. Anawafanizira ndi kudya. Kuwerenga kumaika chakudya m'kamwa, kusinkhasinkha kumatafuna, pemphero limapeza kukoma kwake, ndipo sitepe yomaliza ndi kukomako kumene kumatsitsimula munthu. Ife a m'tauni vuto lathu lili pa sitepe yachiwiri. Timalandira vesi m'mawa pa gulu la Watsapu, timaikapo kachithunzi ka manja awiri, n'kulitumiza kwa anthu ena makumi awiri. Tameza nsima osatafuna, ndipo timadabwa kuti pofika teni koloko sitikumbuka ngakhale buku limene vesilo linachokera.

Tiyeni tiichite ntchitoyi tione mmene imayendera. Tinene kuti ndi faifi koloko m'mawa m'chipinda chimodzi ku Chawama, ena akali m'tulo, ndipo tili ndi mphindi 20 tisanapite kukalimbirana minibasi ya ku tauni. Foni tiiike chafufumimba, alamu yokha ndiyo ikhale yoyaka kuti tisamayang'ane nthawi. Tikhale pa mpando msana uli chilili, chifukwa wochita izi atagona pa bedi amadzuka seveni koloko. Titsegule Maliko 10, vesi 46 mpaka 52. Ndi mavesi asanu ndi awiri chabe, ndipo ndi okwanira.

Tiwerenge kawiri, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Nkhani yake ndi ya Batimeyu, wakhungu wopemphapempha m'mbali mwa msewu potuluka m'Yeriko. Atamva kuti Yesu akudutsa anayamba kufuula, anthu anamukalipira kuti atseke pakamwa, iye anafuula koposa. Yesu anaima n'kuuza anthu kuti amuitane. Batimeyu anataya chofunda chake, nalumpha, napita kwa iye. Yesu anamufunsa chimene akufuna, iye anapempha kuona, anaona, ndipo anamutsatira mumsewu. Anzathu a phokoso aone kuti sitikuwalanda kanthu: munthu uyu anafuula, ndipo anamveka. Kufuula kuli ndi malo ake. Koma nkhaniyo sinathere pa kufuula.

Powerenga kachiwiri pali kanthu kamodzi kamene kamatigwira. Tinene kuti lero ndi chofundacho. Apa ndi pamene kusinkhasinkha kumayambira, ndipo titengepo mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi. Chofunda chinali chiyani kwa munthu wopemphapempha? Mwina ndicho chinali bulangete lake usiku, mwina ankachiyala pansi kuti anthu aponyepo ndalama. Munthu wosaona akataya chinthu pakati pa chigulu cha anthu, angachipezenso bwanji? Ndiye kuti anachitaya asanachire, akali wakhungu, asanadziwe ngati zinthu ziyenda. Nanga n'chifukwa chiyani Yesu anafunsa wakhungu chimene akufuna, ngati kuti sichinali kuoneka? Kodi n'kutheka kuti munthu amene wazolowera kupempha ndalama zaka zambiri akanatha kupempha ndalama basi? Kuchokera apa mafunso amatembenukira kwa ife eni. Chofunda chathu ndi chiti? Mwina ndi kubetcha kwa pa foni kumene timati tisiya tikangowina kamodzi. Mwina ndi chibwenzi chimene chimatilipirira lendi koma chikutidya mtima. Ndipo tikanafunsidwa lero chimene tikufuna, tikanayankha chimene chili pansi penipeni, kapena tikanatchula foni yatsopano?

Onani kuti mpaka pano sitinakambe ndi Mulungu. Takhala tikuganiza, kuyerekeza, kukumbukira. Ignasiyo wa ku Loyola, amene buku lake la zochita zauzimu linasindikizidwa mu 1548, ankaphunzitsa anthu kulowa m'nkhani yotere ndi maso a mumtima: kuona fumbi la msewu, kumva phokoso la anthu, kudzifunsa kuti ine ndaima pati, pakati pa okalipira kapena pambali pa wofuula. Yonseyi ndi ntchito ya mutu, ndipo imatopetsa ngati kuwerengera mayeso. Mmene tingadziwire kuti yasokonekera n'kosavuta. Tikapezeka kuti tikukonza ulaliki woti tikauze ena, kapena tikuganiza kuti vesili likanamuthandiza mlamu wathu, tachoka pa njira. Tikapezeka kuti tikuwerenga ngongole, tibwerere ku chofunda popanda kudzikalipira. Maganizo adzathawa kakhumi, ndipo kubwererako ndi mbali ya ntchitoyo.

Kusinkhasinkha kukagwira, pemphero limatuluka lokha, ndipo nthawi zambiri limakhala lalifupi. Lingakhale mawu anayi chabe: tikuopa kusiya ichi, tithandizeni. Pemphero lotere limasiyana ndi lija timayamba nalo tisanaganize kanthu, lodzaza mayina aulemu a Mulungu ndi mawu amene tinatola kwa alaliki a pa wailesi. Ili lili ndi nkhani, chifukwa latuluka m'chinthu chimene tatafuna.

Tikamaliza kukamba tatsala ndi mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo apa ndi pamene ambiri timanyamuka. Sitepe yachinayi ndi kusanyamuka. Mawu atha, mafunso atha, ndipo tingokhala, mtima uli tcheru kwa amene tangokamba naye. Tinaonapo agogo aamuna ndi aakazi amene akhala m'banja zaka 40, atakhala pakhonde madzulo mbaula ili pakati, ola lathunthu osakamba kanthu. Palibe amene anganene kuti ayambana, kapena kuti mitu yawo ilibe kanthu. Aliyense akudziwa kuti mnzake alipo, ndipo zawakwanira. Kukhala duu ndi kumeneko. Kusinkhasinkha kumafunsa mafunso okhudza Mulungu, pemphero limamuuza zinthu, koma apa munthu amangomuyang'ana ndi mtima. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amazisiyanitsa momwemu, pemphero la mawu, kusinkhasinkha, ndi pemphero la kuyang'ana mwachete.

Pano tifuna kukangana ndi onse amene amagulitsa zauzimu ngati maphunziro a masabata atatu. Aphunzitsi akale a njira iyi amavomerezana kuti sitepe yachinayi munthu sangaipange yekha. Teresa wa ku Avila, sisitere wa ku Spain amene anamwalira mu 1582, anaifotokoza ndi dimba lofuna madzi. Poyamba munthu amatunga pa chitsime ndi ndowa, thukuta lili kamukamu. Kenako amapeza chopukusa chimene chimakweza madzi ambiri ndi mphamvu zochepa. Kenako mtsinje umadutsa m'dimbamo. Pomaliza mvula imagwa, ndipo mlimi sachita kanthu. Amene tinakulira mu komboni, kunyamula zigubu kuchokera pa pompi ya anthu onse, chithunzichi tikuchimva m'mapewa. Ndowa ndi kusinkhasinkha kwa woyamba kumene, ndipo ndi ntchito yathu. Mvula si yathu. Tingathe kulima ndi kudikira, koma aliyense amene akulonjeza kuti mukatsatira njira yake, kapena mukabzala mbewu ya ndalama zakuti, mudzalowa m'malo akuya Lachisanu likubwerali, akugulitsa mvula. Masiku ambiri mphindi zisanu zija zidzakhala zouma, tambala akulira panja, woyandikana naye akutsuka mapoto. Kukhalapobe ndi gawo lathu, ndipo gawo lathu limathera pomwepo.

Nanga mediteshoni ya pa foni ija ilowa pati? Tiikambe mwachilungamo, chifukwa mbali zonse ziwiri zimainamizira. Mizu yake ili m'chipembedzo cha Chibuda, mmene muli mwambo wakale wa kutchera khutu ku mpweya pamene ukulowa ndi kutuluka. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn, pa sukulu ya zaudokotala ya yunivesite ya Massachusetts ku America, anatenga mwambowu, nauchotsa mapemphero ndi ziphunzitso zake, n'kupanga maphunziro a masabata asanu ndi atatu othandiza odwala amene anali ndi ululu wosatha ndi nkhawa. Mapulogalamu ambiri a lero ndi zidzukulu za ntchito imeneyo. Kachitidwe kake ndi kotere: ukhala, uika maganizo pa mpweya, ganizo likabwera uliona n'kulisiya lipite, ubwerera ku mpweya. Mulibe amene ukukamba naye, mulibe dzina limene ukuitana. Ndiye amene amati ndi kuitana mizimu atiuze mzimu umene waitanidwa ndi munthu amene akuwerenga mpweya wake pa benchi ku Kulima Tawa podikira basi kuti idzale. Koma nawonso amene amati ndi pemphero lamakono asatinamize. Ndi kuphunzitsa maganizo kukhazikika, monga kuthamanga kumaphunzitsa mapapo. Kungathandize munthu kugona bwino kapena kusapsa mtima msanga, ndipo Mkhristu kapena Msilamu angachite zimenezi mphindi ziwiri asanayambe kupemphera kuti mutu utsike m'basi. Koma mpweya sungakukhululukire, ndipo sungaufunse kuti n'chifukwa chiyani amayi anamwalira. Amene akufuna zimenezo akufuna pemphero, ndipo pulogalamuyo siidzamupatsa ngakhale alipire ya chaka chonse.

Kusiyanaku kumaoneka bwino pa bata. Anthu awiri angakhale pa benchi imodzi, maso otseka, onse chete. Mmodzi akuyang'anira mpweya wake, winayo akudikira pamaso pa wina amene amamukonda. Kunja ndi ofanana, ndipo n'chifukwa chake a Eli a masiku ano amasokonezeka. Ngakhale anzathu achisilamu sasakaniza zinthuzi: swala ya kasanu pa tsiku ili ndi nthawi ndi kayendedwe kake, duwa ndi kupempha kwa munthu ndi mawu ake, zikiri ndi kubwereza mayina a Mulungu. Mwana wa ku madrasa amadziwa kuti izi ndi zinthu zosiyana. Ife tili ndi liwu limodzi, kupemphera, ndi batani limodzi, la voliyumu.

Wina afunsa kuti nanga zili ndi kanthu, bola munthu akufuna Mulungu? Zili ndi kanthu chifukwa kusakaniza kumeneku kukuvulaza anthu amene timawadziwa. Pafupifupi gulu lililonse la achinyamata lili ndi mtsikana kapena mnyamata amene anali patsogolo pa zonse, kenako mawu anamuthera. Akayesa kupemphera monga kale palibe chimene chimatuluka, akatsegula Baibulo maganizo sagwira. Timamuuza kuti wabwerera m'mbuyo, moto wazima, asale masiku atatu. Yohane wa Mtanda, mnzake wa Teresa amene anamwalira mu 1591, analemba za nthawi yotere mosamala kuposa ife. Anapereka zizindikiro zitatu zoti ziyenera kupezeka pamodzi kuti tidziwe kuti munthu akuitanidwa kuchoka pa kusinkhasinkha kupita ku bata. Choyamba, sakuthanso kusinkhasinkha monga kale ngakhale ayesetse. Chachiwiri, mtima wake sukuthamangira zinthu zina m'malo mwake. Chachitatu, amakonda kukhala yekha mwachete, mtima uli kwa Mulungu, popanda ganizo lapadera. Munthu wotere sanagwe ayi. Kumukankhira ku maikolofoni kuli ngati kuuza mlimi kuti athamangire ndowa pamene mvula yayamba kudontha.

Koma Yohane yemweyo anachenjeza kuti kuuma kungachokerenso kwina, ndipo apa tiyenera kutsegula maso. Ngati choyamba chokha chilipo, koma mtima ukuthamangira mpira, mabetcha ndi mavidiyo mpaka usiku, umenewo ndi ulesi wamba, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku ndowa. Ndipo ngati munthu wataya chilakolako cha zonse, sakudya, sakugona kapena akungogona, sakufuna kuona anzake, akudziona ngati wopanda pake kwa masabata awiri kapena kuposa, mwina akukamba zakuti bola kufa, tisamutche wozama mu uzimu ndiponso tisamutche wogwidwa ndi chiwanda. Amenewo angakhale matenda a maganizo, ndipo amafuna kuti timuperekeze ku kiliniki, monga tikanachitira ndi malungo. Kumutsekera m'chipinda kuti akhale chete ola lathunthu kungamuwonjezere ululu, chifukwa kwa munthu amene ali ndi mabala a mumtima bata lalitali limadzutsa zinthu zimene sangathe kunyamula yekha. Mtsogoleri amene amadziwa batani limodzi chabe sangasiyanitse anthu atatuwa. Onse amawapatsa mankhwala amodzi, kufuula ndi kusala, ndipo mmodzi yekha mwa atatuwo ndiye angapindule pang'ono.

Tikudziwa chimene ena ayankhe: izi ndi za Akatolika, za amonke a ku Ulaya amene analibe lendi yolipira. N'zoona kuti mayina amene tatchula ndi a kumeneko, ndipo ambiri anakhalako kale kwambiri. Guigo analemba zaka mazana atatu Martin Luther asanabadwe, pamene kunalibe Mkatolika ndi Mpulotesitanti oti n'kukanganirana cholowa chimenechi. Ndipo Yoswa ndi Masalimo ali m'Baibulo la mpingo uliwonse. Za nthawi, mphindi 20 ndi zochepa kuposa zimene timataya pa mzere wa magalimoto pa msewu wa Kafue m'mawa uliwonse. Chimene chimasowadi mu komboni ndi malo, chifukwa chipinda chimodzi cha anthu asanu, bala kuseri ndi tchalitchi cha sipika kutsogolo sizisiya mpata. N'chifukwa chake nkhaniyi tikuiponya kwa atsogoleri a achinyamata, amene ali ndi makiyi a nyumba yokhayo yaikulu imene ambiri a ife tingalowe kwaulere.

Pempho lathu ndi laling'ono. Pa msonkhano wa achinyamata wa sabata ino, wina awerenge mavesi asanu ndi awiri aja kawiri, osalalikira. Mupatse anthu mphindi khumi ndi funso limodzi la chofunda. Kenako aliyense apemphere mmene afunira, wofuula afuule. Akamaliza, wa kiyibodi achotse manja, asaike ngakhale kanyimbo ka pansipansi kaja timati kathandiza mzimu kutsika, ndipo mukhale mphindi zisanu pa wotchi. Padzakhala kutsokomola, wina adzaseka, mphindi yachitatu idzaoneka ngati ola, ndipo dikoni wina adzafuna kupulumutsa zinthu ndi kolasi. Mumuuziretu asanalowe kuti asatero.